Koini yakwera kanayi m'masiku atatu: zoyenera kuona musanaikepo mpamba

*Ndimagulitsa zipangizo za mafoni ku Limbe. Pa gulu lathu la WhatsApp akuti koini ina, imodzi mwa ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto, yakwera mtengo kanayi m'masiku atatu, ndipo anzanga akundiuza kuti ndigule msanga isanakwerenso. Ndili ndi K300,000 yooderera katundu. Kodi ndiikepo?*

Bambo, ine ndikuti musaikepo, ndipo zifukwa zake mukhoza kuzifufuza nokha pa foni yanu m'mphindi zochepa.

Choyamba, dziwani kuti mtengo umene mukuuona pa foni ndi wa munthu amene wagula kapena kugulitsa komaliza, osati mtengo umene inu mudzalandire. Makoini ambiri atsopano amagulitsidwa kudzera mu thumba limodzi, lomwe mbali ina muli koiniyo, mbali ina muli ndalama monga USDT, koini imene mtengo wake umayenderana ndi dola ya ku America. Mukalemba dzina la koiniyo pa webusaiti ya DEX Screener, kukula kwa thumbalo kumaoneka pamene palembedwa Liquidity. Tiyerekeze kuti palembedwa $20,000, kutanthauza kuti $10,000 ndi ndalama ndipo $10,000 inayo ndi makoini. Ngati munthu mmodzi amene ali ndi makoini ooneka ngati a $10,000 atawagulitsa onse nthawi imodzi, m'thumba la mtundu wofala makoini amachuluka kawiri, ndalama imatsala theka, ndipo mtengo umagwa kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. K300,000 yanu imasanduka K75,000 chifukwa cha munthu mmodzi yekhayo, ndipo kuti mpamba wanu ubwerere, koiniyo iyenera kukweranso kanayi. Thumba laling'ono ndi limenenso limachititsa kuti mtengo ukwere msanga, chifukwa ogula ochepa chabe amatha kuukankha, choncho kukwera kumene kwakukopaniko nthawi zambiri kumangosonyeza kuti msika wake ndi wochepa.

Chachiwiri, fufuzani ngati alipo munthu wokhala ndi makoini ochuluka chotere. Pa webusaiti ya BscScan kapena ya Etherscan, malinga ndi kumene koiniyo inapangidwira, pali tsamba lolembedwa Holders, lomwe limaonetsa zikwama zonse za pa intaneti zimene anthu asungamo koiniyo ndi gawo limene chilichonse chasunga. Mukachotsapo thumba logulitsira lija, n'kupeza kuti zikwama khumi zoyambirira zasunga theka la makoini onse, dziwani kuti mtengo uli m'manja mwa anthu ochepa amene anagula motchipa ndipo akudikira ogula atsopano. Ngakhale mndandandawo utaoneka bwino musakhutire msanga, poti munthu mmodzi akhoza kumwaza makoini ake m'zikwama zambiri.

Palinso funso lakuti kodi anthu wamba akutha kugulitsa. Mu 2021 koini yotchedwa SQUID inakwera kupitirira $2,800, koma ogula ambiri anapeza kuti sangathe kuigulitsa, ndipo pa 1 Novembala chaka chomwecho mtengo wake unagwa pafupifupi kufika pa ziro eni ake atatenga ndalama n'kuzimiririka. Yang'anani mndandanda wa malonda a koini yanuyo, ndipo mukaona ogula okhaokha, ogulitsa n'kukhala zikwama ziwiri kapena zitatu zomwezomwezo, ithaweni.

Afunseninso anzanuwo chimene chakweza mtengo ndi tsiku limene iwo anagula. Ngati yankho lili lakuti aliyense akugula basi, kapena kuti posachedwa ilowa pa msika waukulu wa makoini koma msikawo sunalengeze pa tsamba lake, ndiye kuti palibe chifukwa chogwirika. Sindikunena kuti anzanuwo ndi akuba, koma amene anagula kale amapindula inu mukagula, ndipo nthawi zina sazindikira n'komwe kuti malangizo awo akuwakomera iwo eni.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi gwero la ndalamayi. Ndalama yooderera katundu ili kale ndi ntchito yake: machaja ndi makava amene mukanaoda amabweretsa phindu limene mumalidziwa, ndipo shelefu ikakhala yopanda kanthu kasitomala amalowera kwa mnzanu woyandikana naye. Onjezanipo kuti pogula USDT ndi kwacha kwa munthu wina mumalipira mtengo wokwera, pobweza mumalandira wotsika, kotero mumayamba mwaluza kale koiniyo isanasunthe. Reserve Bank of Malawi inachenjezanso kuti ndalama za mtunduwu si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, choncho zikatayika musayembekezere kuti pali ofesi imene idzakubwezereni.

Mukapeza kuti chimodzi chokha mwa zimenezi sichili bwino, n'chokwanira kuti musagule. Ngati mtima ukukakamirabe, lembani m'kope mtengo wa lero ndi kukula kwa thumbalo, kaodeni katundu wanu monga mwa nthawi zonse, ndipo mudzayerekeze manambalawo pakapita masabata awiri.