Kalata yopempha ekisiteno kuti aunike pepala la mayeso

"Moni nonse. Ino ndi semesita yanga yoyamba kuphunzitsa kuyunivesite. Mkulu wa dipatimenti wandiuza kuti ndikonze kalata yopita kwa ekisiteno, mphunzitsi wa kuyunivesite ina amene amaunika mayeso athu, yopempha kuti aunike pepala langa la mayeso n'kupereka ndemanga. Kodi ndilembemo zotani? Ndikuopa kuwakhumudwitsa, popeza ndi pulofesa wamkulu."

Achemwali, za kuwakhumudwitsazo musade nazo nkhawa, chifukwa ntchito imene anavomera ndi yomweyi. Choti muziopa ndi kulandira yankho la mzere umodzi lakuti pepala lili bwino, pomwe muli zolakwika zimene zidzatulukira ophunzira atakhala kale m'holo. Ekisiteno amayankha molingana ndi zimene mwawapatsa ndi zimene mwawafunsa. Mukawatumizira mafunso okhaokha ndi mawu akuti "chonde unikani", sangachitire mwina koma kuyang'ana kalembedwe ndi kuwonkhetsa malikisi. Iwo sanakhalepo m'kalasi mwanu. Sakudziwa zimene munaphunzitsa, zimene munadumpha chifukwa cha nthawi, kapena zimene munafunsa kale pa mayeso a pakati pa semesita.

Ine zinandionekera chaka changa choyamba, pa kosi ya sitatisitikisi ya chaka chachitatu. Ndinatumiza pepala lopanda mayankho ake, ndi kakalata ka mizere iwiri. Anayankha mwaulemu kuti saona vuto. Tsiku la mayeso, patangotha mphindi 40, woyang'anira mayeso anandiimbira foni kuti ndithamangire kuholo. Funso lachinayi linkanena za zokolola za chimanga m'minda 12, uliwonse woyezedwa nyengo ziwiri, koma m'tebulo munali minda 11 yokha. Mzere umodzi unatsala pamene ndinkakopera tebulolo. Ophunzira ena anali atawerengera kale ndi 12, ena ndi 11. Pa matebulo a t, wa minda 12 amawerenga pa mzere wa 11 n'kupeza 2.201, pamene wa minda 11 amawerenga pa mzere wa 10 n'kupeza 2.228. Ndinaima kutsogolo n'kukonza pabolodi, koma nkhope za ana amene anali atadzaza kale tsamba lonse sindiziiwala mpaka lero. Ndikanatumiza mayankho, pulofesa uja akanaona kuti masamu anga ali ndi manambala 12 pomwe tebulo lili ndi 11. Cholakwa chinali changa.

Ndiye kalatayo isapite yokha. Ipite ndi pepala la mayeso monga momwe lidzaonekere pamaso pa wophunzira, chikuto chake, malangizo ake, ndi matebulo kapena mafomula amene adzaperekedwe m'holo. Ipitenso ndi ndondomeko yochongera, ija timati makingi sikimu, yolembedwa mokwanira: yankho lonse sitepe ndi sitepe, ndi malikisi pambali pa sitepe iliyonse. Muikemonso autilaini ya kosi yosonyeza mitu ndi zimene wophunzira ayenera kutha kuchita akamaliza, pamodzi ndi mafunso a ma asainimenti ndi mayeso a pakati pa semesita. Ngati malamulo a kwanu amafuna kuti pepala la sapu, lija la mayeso obwereza, likonzedwe nthawi yomweyo, litumizeni limodzi, kuti aone ngati mapepala awiriwo akulemera mofanana. Koma zonsezi zisanatuluke, mnzanu wa m'dipatimenti akhale ataziona kaye. Ekisiteno asathere nthawi yawo pokonza zilembo zolakwika.

Pa makingi sikimu ndichedwepo pang'ono, chifukwa ambiri timailemba mothamanga usiku womaliza. Musangolemba yankho lomaliza ndi "malikisi 20". Gawani: 2 ponena zimene zikuyesedwa, 6 powerengera kusiyana kwa zokolola ndi avareji yake, 6 powerengera t, 2 powerenga tebulo, 4 pofotokoza tanthauzo lake m'mawu omveka kwa mlimi kapena mlangizi. Zikwane 20 ndithu, muwonkhetse ndi pensulo. Mulembenso chochita ndi wophunzira amene waphonya nambala pa sitepe yachiwiri koma njira yonse yotsatira ndi yolondola. Kodi ataya malikisi onse kapena a sitepe imeneyo yokha? Ekisiteno amafuna kuona chimenechi, chifukwa pambuyo pa mayeso akamadzaona ena mwa mapepala amene mwachonga, adzayerekeza kachongedwe kanu ndi zimene munalonjeza mu sikimuyo.

Kalata yeniyeniyo mudzailemba m'Chingerezi, koma zokhalamo ndi izi, ndipo zisapitirire tsamba limodzi. Yanga ya kosi ija masiku ano imamveka chonchi:

"Okondeka Pulofesa, ndine mphunzitsi wa kosi ya sitatisitikisi ya chaka chachitatu, ndipo ndikulemba kudzera mwa mkulu wa dipatimenti. Ndikupempha kuti muunike pepala la mayeso omaliza a semesita ino ndi kutipatsa ndemanga zanu. Ophunzira alipo 85. Mayeso ndi a maola 3, malikisi 100, ndipo amatenga 60 peresenti ya giredi yonse. Gawo A lili ndi malikisi 40 ndipo aliyense ayenera kuliyankha lonse. Mu gawo B wophunzira asankha mafunso 3 mwa 5, lililonse malikisi 20. Pepalali launikidwa kale m'dipatimenti ndipo fomu yake ndaiphatikiza. Mutu womaliza pa autilaini sitinaumalize, choncho sindinafunsepo. Kupatula china chilichonse chimene mungaone, ndikupempha maganizo anu makamaka pa zitatu. Kodi mafunso 5 a gawo B akulemera mofanana? Ndikukayikira kuti lachiwiri ndi lophweka kuposa lachinayi. Kodi funso lachinayi lingatheke m'mphindi 36? Nanga malikisi 4 a kufotokoza tanthauzo ndi okwanira pa chaka chachitatu? Pepala liyenera kupita kosindikiza pa 20, choncho ndingathokoze ndemanga zanu zitafika pofika pa 13. Mutha kulemba pa fomu ya yunivesite kapena m'fayilo momwemo."

Mwaona mphindi 36 zija kumene zachokera. Maola 3 ndi mphindi 180, ndipo mukagawa ndi malikisi 100 mupeza mphindi 1.8 pa malikisi amodzi, kotero funso la malikisi 20 limayenera mphindi 36. Musanatumize, khalani pansi ndi wotchi, mulembe pepala lanu nokha ndi dzanja, ndi kakyuleta yonga imene ana adzagwiritse ntchito. Ine ndimachulukitsa nthawi yanga katatu, chifukwa funsolo ndinalipanga ndine ndipo njira ndikuidziwa kale. Funso lachinayi lija linanditengera mphindi 15, kutanthauza pafupifupi 45 kwa wophunzira. Lachiwiri, lomwe linali la matanthauzo ndi kutchula zinthu, linanditengera mphindi 6 zokha. Apa m'pamene pamabisala kupanda chilungamo pa mapepala osankha mafunso: ana awiri anzeru zofanana amapeza magiredi osiyana chifukwa mmodzi anasankha funso lopepuka. Chaka chimene ndinafunsa zimenezi poyera, ekisiteno anandiyankha ndime zitatu. Anandiuza kuti ndichepetse minda ifike 8 pa funso lachinayi, popeza luso loyesedwa ndi lomwelo koma kuwerengera kukuchepa, ndi kuti pa lachiwiri ndichotse malikisi 8 pa matanthauzo ndiikepo kachigawo koti wophunzira asankhe njira yoyenera pa nkhani imene wapatsidwa n'kunena chifukwa chake.

Mwina mukuganiza kuti kuulula zimene mukukayikira, kapena kunena kuti mutu wina simunaumalize, kukuchotserani ulemu kwa pulofesayo. Ine ndaona zosiyana. Mukabisa, iwo adzaona okha pa autilaini kuti mutu wina palibe, adzalemba m'lipoti lawo kuti pepala silikukhudza kosi yonse, ndipo lipotilo limapita kwa akuluakulu, osati kwa inu nokha. Mukanena nokha, nkhani imakhala ya momwe mungakonzere. Chokhacho, chiganizo chimenecho mkulu wa dipatimenti achione kaye, asadzachimvere kwa mlendo.

Za tsiku, werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku losindikiza. Apatseni masabata awiri ngati n'kotheka, ndipo inu mudzisiyire sabata imodzi yokonzera. Nthawi zambiri ekisiteno mmodzi amalandira mapepala a dipatimenti yonse nthawi imodzi, uku nayenso ali ndi makalasi ake, kaya ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena pa yunivesite ina konkuno. Mawu akuti "mwamsanga" sawathandiza kudziwa pepala loyamba nalo. Lembani deti.

Katumizidwe kake samalani kwambiri. Funsani kaye ngati kwanuko mphunzitsi amaloledwa kutumiza yekha, chifukwa m'malo ambiri pepala limadutsa kwa mkulu wa dipatimenti kapena ku ofesi ya mayeso, ndipo inu mumangokonza kalata ndi mafayilo. Gwiritsani ntchito imelo ya kuntchito, mafayilo akhale otsekedwa ndi pasiwedi, ndipo pasiwediyo ipite njira ina, monga kuwaimbira foni kapena meseji. Musaike pepala pa WhatsApp, ndipo musanadine Send yang'anani kawiri dzina limene kompyuta yadzazira yokha, chifukwa dzina la wophunzira lofanana ndi la pulofesa limatha kutulukira pamenepo. M'thupi la imelo musakoperemo funso lililonse, muzingotchula nambala yake. Mafayilo muwapatse maina osasokoneza:

```
STA301_exam_v2.pdf
STA301_marking_scheme_v2.pdf
```

Nambala ya kumapetoyo izisintha pa mafayilo onse awiri nthawi imodzi. Ndaonapo funso litasinthidwa pa pepala koma sikimu n'kukhala yakale, ochonga n'kumadabwa kuti bwanji kalasi yonse yalakwa mofanana.

Ndemanga zikabwera, konzani tebulo la magawo atatu: zimene anena, zimene mwachita, ndi chifukwa chake. Simukakamizidwa kuvomera zonse. Ngati akuti muonjezere funso pa njira imene simunaphunzitse, lembani mwaulemu kuti silingalowe chaka chino koma mudzaiika m'kosi chaka chamawa, ndipo mkulu wa dipatimenti asainire. Chimene sichiloledwa ndi kungokhala chete pa ndemanga, chifukwa akadzabwera kudzaona zotsatira adzafufuza ngati zimene ananena zinachitika. Mukasintha nambala iliyonse pa funso, werengeraninso yankho lonse kuyambira pachiyambi, musinthe sikimu, kenako muwatumizire tebulolo ndi mawu othokoza. Ngati tsiku munawapatsa ladutsa ndi masiku awiri osamva kanthu, musawakumbutse nokha mobwerezabwereza. Uzani mkulu wa dipatimenti awaimbire.