Msomali ndi chingwe pakhoma la tchalitchi ku Florence

"Abale amene mumadziwa za zojambulajambula tandithandizeni. Zojambula za ku Ulaya za m'ma 1300 anthu amaoneka ngati angowamata pabolodi, koma kufika m'ma 1400 chipinda chimaoneka chakuya ngati ungalowemo. Chinasintha ndi chani? Kapena akalewo samatha kujambula?"

Ayi achimwene, kutha amatha kwambiri. Giotto anajambula m'tchalitchi china chaching'ono ku Padua, ku Italy, cha m'ma 1305 ndipo anthu ake ndi olemera ndithu, umachita kuona kuti m'chovalamo muli thupi. Nkhani ndi yoti nthawi imeneyo kukula kwa munthu pachithunzi kumayendera ulemu wake, Mariya wamkulu, angelo ocheperako, amene walipira chithunzicho kakang'ono pansi apo katagwada. Ndiye chinthu chilichonse amachijambulira mbali imene chikuoneka bwino. Mukaona Mgonero wa Ambuye wa Duccio wa ku Siena, pa chithunzi chachikulu cha paguwa chimene anamaliza mu 1311, tebulo mukuliona ngati muli pamwamba pake kuti mbale zioneke, koma anthuwo mukuwaona chakutsogolo, ndiye zimakhala ngati mbalezo zitsetsereka zigwe. Wojambulayo sanadzifunse kuti woonera waima pati, ndipo funso limeneli ndi lomwe linadzasintha zonse.

Anayambitsa ndi Filippo Brunelleschi, mmisiri wa zomangamanga ku Florence, cha m'ma 1420 kapena kumbuyo pang'ono. Anaima pakhomo la katedulo n'kujambula nyumba yobatiziramo yomwe ili moyang'anizana nalo, pakathabwa kakang'ono. Kenako anaboola kabowo pathabwapo, munthu amasuzumira kumbuyo kwa thabwa ndi diso limodzi, dzanja linalo atagwira galasi loonera nkhope, ndiye amaona chithunzicho m'galasimo. Kuchotsa galasi, nyumba yeniyeni ija ili pompo, mizere yake ikugwirizana ndi ya chithunzi. Kumwamba sanapenteko, anaikako siliva wopukutidwa kuti mitambo yeniyeni izioneka ikuyenda. Kathabwako kanasowa, timangodziwa kuchokera kwa munthu amene analemba mbiri ya moyo wake. Koma taonani zomwe kabowoko kakuchita, kakukakamiza diso kukhala malo amodzi, mtunda umodzi, basi.

Amene anazilemba kuti ena aphunzire ndi Leon Battista Alberti mu 1435, ndipo njira yake mutha kuiyesa lero ndi pensulo ndi rula. Jambulani bokosi, mulitenge ngati windo lomwe mukuonera panja. Sankhani kutalika kwa munthu woima pawindo pomwepo, mumugawe patatu, chifukwa ku Florence amayeza ndi mkono wa masentimita pafupifupi 58 ndipo munthu amamuwerengera mikono 3. Mzere wapansi wa bokosi muudule mikonomikono. Ndiye ikani kadontho pa msinkhu wa mutu wa munthu uja, mukoke mizere kuchokera pa mkono uliwonse kupita pa kadonthoko. Imeneyo ndi mizere ya matailosi apansi yolowa mkati, zangati njanji imene imaoneka ngati ikukakumana kutsogolo uko chonsecho siikumana.

Povuta ndi pa mizere yopingasa, uike motalikirana bwanji? Ena amangoti mpata uliwonse uzichepa ndi gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi wam'mbuyo, Alberti anakana, anati zimenezo n'zongopeka chifukwa sizikuwerengera pomwe woonera waima. Iye amajambula padera diso lili pambali, pa msinkhu womwewo wa mikono 3, pamtunda umene wasankha kuchokera pawindo, n'kukoka mizere kuchokera m'disomo kupita pa tailosi iliyonse, pomwe mzere wadula windo ndi pomwe mzere wopingasa ukhale. Tiyeni tiike manambala. Mwaima mikono 6 kuchokera pawindo. Malo amene ali mikono 6 kuseri kwa windo aoneka mkono 1 ndi theka kuchokera pansi pa chithunzi, ndipo munthu woima pamenepo akhala theka la uja wapawindo. Amene ali mikono 12 kuseri mapazi ake akwera kufika mikono 2, iye watsala mkono 1 wokha, gawo limodzi mwa atatu. Mwaona zomwe zikuchitika? Mapazi ndi amene akukwera koma mitu yonse ikungokhala pamzere umodzi wa kadontho kaja. Ndiye kaya ndi mfumu kaya wopemphetsa, kukula kwake kukuchokera pa mtunda basi, wojambula sangangomukuza chifukwa choti ndi bwana. Kuti mudziwe ngati mwalakwitsa kokani mzere wodutsa m'makona a matailosi chopingasa, ukakhala wowongoka zili bwino, ukapindika ndiye kuti mipata ija mwangoiponya.

Chimene ine chimandigwira mtima ndi Utatu Woyera wa Masaccio, chithunzi cha Yesu pamtanda, Mariya ndi Yohane ali m'mbali, chomwe anapenta pakhoma la tchalitchi cha Santa Maria Novella ku Florence, cha m'ma 1427, Alberti asanalembe n'komwe. Mnyamata ameneyu anamwalira mu 1428 asanakwane zaka 30, ndiye ganizani. Khomalo ndi lafulati koma umaona ngati alibowola n'kumangamo kachipinda kopemphereramo kadenga lokhota lokhala ndi timabokosi. Anakhoma msomali pa kadontho kaja, n'kumakoka zingwe kuchokera pamenepo kudinda mizere mu pulasitala, zizindikiro zake zikuonekabe mpaka pano. Ndiye kadonthoko sanakaike pakati pa chithunzi ayi, anakaika m'munsi, pa sitepe pomwe bambo ndi mayi olipira chithunzicho agwada, pafupifupi pa msinkhu wa maso a munthu woima m'tchalitchimo. Chifukwa chake denga umaliona chapansi ngati mmene ungalionere utaimadi pamenepo, ndipo manda okhala ndi chigoba cha munthu ali m'munsi mwa maso ako. Olipirawo sali tating'ono ngati kale, ali ndi msinkhu wofanana ndi Mariya ndi Yohane, kungoti iwo ali kunja kwa chipindacho, mbali yathu. Ulemu sunathe, wangosamuka, tsopano ukuoneka ndi pomwe munthu waikidwa, mkati kapena kunja, pamwamba kapena pansi. Kwa ine apa ndi pamene pali kusintha kwenikweni, wopemphera ndi mtanda ali m'nyumba imodzi yoyezeka ndi rula imodzi.

Ojambula anazindikiranso msanga kuti kadonthoko kamakoka maso. Leonardo pa Mgonero wake wa ku Milan, 1495 mpaka 1498, mizere yonse ya denga ndi makoma ikukathera pamutu pa Yesu, kabowo ka msomali kali pambali pa diso lake lakumanja. Koma kadonthoko kali pamwamba kwambiri kuposa maso a aliyense woima m'chipinda momwe muli chithunzicho, ndiye apa lamulo analipinda dala kuti nkhani imveke.

Malire ake alipo ndithu. Njirayi imaganiza kuti muli ndi diso limodzi losayenda. Ku Roma m'tchalitchi cha Sant'Ignazio, Andrea Pozzo anapenta denga kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 lomwe limaoneka ngati nsanamira zikupitirira kukwera mpaka kumwamba, ndipo pansi anaikapo kamwala kozungulira koti muimepo. Mukaima pamenepo zonse zili chilili, mukasuntha kupita kumbali nsanamira zija zimayamba kupendekeka ngati zikugwerani. Vuto lomweli mumalipeza papepala mukaika diso pafupi kwambiri ndi windo, matailosi a m'makona amatambasuka moipa.

Ndipo musaganize kuti aliyense amene chithunzi chake chikuoneka chakuya anatsata masamuwa. Jan van Eyck ku Bruges, kumpoto kwa Ulaya, pa chithunzi cha wamalonda wina dzina lake Arnolfini ndi mkazi wake cha 1434, mukatsata mizere ya matabwa apansi ndi ya denga siikumana pa kadontho kamodzi. Chipindacho chimaonekabe chenicheni chifukwa cha mmene anagwirira kuwala kolowera pawindo ndi penti wa mafuta. Njira ya rula ndi chingwe inafala kumpoto kwa Ulaya mochedwerako, makamaka kudzera mwa Albrecht Dürer, amene anapita ku Italy kukaiphunzira n'kudzaisindikiza m'buku lake la kayezedwe mu 1525.