Masiku 26 amenewo musawalonjeze, achimwene

"Zikomo achimwene. Ndine kapitawo, tikumanga kashopu pa Chitakale. Ndawerengetsa maziko, khoma ndi denga ndi njira ya PERT. Masiku akukwana 26, ndipo nditaphatikiza sitandadi diviyeshoni zonse zitatu ndapeza 5, koma mnzanga akuti ndi 3. Walakwitsa ndani? Nanga eni shopu ndiwauze masiku angati? Manambala anga ndi awa: maziko 3, 6, 15, khoma 9, 12, 21, denga 3, 6, 9."

Mnzanuyo akunena zoona, achimwene, koma inunso simunasochere patali.

Tiyambe ndi pomwe mwakhoza, kuti ena atitsatire. Njira ya PERT imeneyi, yowerengetsera masiku amene ntchito ingatenge, anayikonza ndi asilikali a pamadzi a ku Amereka cha m'ma 1958, ndipo ntchito iliyonse imapatsidwa manambala atatu: a ndi masiku ngati zonse zayenda bwino, m ndi masiku amene ntchitoyo imatenga kawirikawiri, b ndi masiku zinthu zikavuta. Kuchokera pa manambalawa timapeza te, omwe ndi masiku oyembekezeka, ndi σ, yomwe ndi sitandadi diviyeshoni.

```
te = (a + 4m + b) / 6
σ = (b − a) / 6
```

Pa maziko, 3 kuphatikiza 24 kuphatikiza 15 ndi 42, kugawa ndi 6 tipeza masiku 7. Taonani kuti si 6 amene mumayembekezera. Wakoka ndi 15 uja, chifukwa ntchito ikafulumira imangopulumutsa masiku ochepa, pamene ikachedwa imachedweratu. Khoma likupereka 13, denga 6, zonse pamodzi 26. Sitandadi diviyeshoni, yomwe ndi muyeso wa momwe masiku angasunthire, ndi 2 pa maziko, 2 pa khoma ndi 1 pa denga.

Apa ndiye panaterera phazi. Manambala amenewa saphatikizidwa momwe alili. Iliyonse muyambe mwaichulukitsa ndi iyo yomwe, kuti mupeze variyansi, kenako muphatikize, pomaliza mutenge sikweya ruti.

```
2² + 2² + 1² = 9
√9 = 3
```

Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene wagwirapo chipande. Mukanena 5, ndiye kuti mukuganiza kuti maziko akachedwa, khoma ndi denga nazonso zichedwa chimodzimodzi. Koma nthawi zambiri sizitero. Okumba maziko akumana ndi mwala, ataya masiku awiri. Sabata yotsatira njerwa zafika msanga, amisiri abweza tsiku limodzi. Kuchedwa kwina kumadyana ndi kufulumira kwina, n'chifukwa chake njira yonse imasuntha pang'ono kuposa mmene mungaganizire.

Tsono za eni shopu. Masiku 26 ali pakatikati: mwayi womaliza pofika tsikulo ndi pafupifupi theka basi. Kuti mudziwe mwayi wa tsiku lililonse limene mukufuna kulonjeza, T, chitani chonchi:

```
Z = (T − 26) / 3
```

Mukalonjeza 29, Z ndi 1, ndipo tebulo la Z, lomwe limaonetsa mwayi wa Z aliyense, likupatsani mwayi wa 84 pa 100. Mukalonjeza 32, Z ndi 2, mwayi ufika pafupifupi 98 pa 100. Chimene chimandipweteka mtima ndi akapitawo amene amangophatikiza ma m okha, 6 ndi 12 ndi 6, n'kulonjeza 24. Pamenepo mwayi ndi umodzi pa inayi, ndipo mawa munthu wakhama akutchedwa wabodza. Musaiwalenso kuti awa ndi masiku ogwira ntchito. Lamulungu mulionjezere padera.

Koma 3 ameneyu ali ndi malire, ndipo kwathu kuno malirewo timawaona ndi maso. Masamuwa amatenga kuti chochedwetsa ntchito ina sichikhudza inzake. Ine ndinaphunzira movutikira chaka china mu Januwale. Mvula inagwa sabata yathunthu, ngalande za maziko zinadzaza madzi ofiira a katondo, lole ya mchenga inatitimira mpaka ekiselo, anyamata n'kumaika masamba a nthochi ndi miyala pansi pa matayala. Mvula yomweyo inaimitsa khoma, yomweyonso inaletsa akalipentala kukwera pamwamba. Panalibe chodyana ndi chinzake. Zikatero, kusuntha kwenikweni kumayandikira 5 wanu uja.

Ndiye yang'anani b aliyense, mudzifunse kuti munamuika chifukwa chani. Ngati pa 15, 21 ndi 9 yankho ndi limodzi, mvula kapena ndalama za simenti zochokera kwa munthu mmodzi, musadalire 3. Ngati pena ndi mwala, pena njerwa, pena malata, 3 ali bwino.

Onaninso zitseko ndi mawindo kwa owotcherera, zomwe zimapangidwa pambali inu mukumanga. Ngati njira imeneyo ikutenga masiku 24 kapena 25, ikhoza kukupitirirani, ndipo 84 uja atsika.

Ndikanakhala ine, m'chilimwe ndikanawauza eni shopu masiku 29, n'kuwaonetsa pepala la masamuwo. Ngati mukuyamba mvula itagwa kale, auzeni 31, omwe ndi 26 kuphatikiza 5 wanu uja, ndipo mchenga wonse ufike pamalo musanakumbe.