Jekete ya nthenga kapena ya poliyesita: ya usiku wa Juni ku Joni ndi iti?

Funso: "Abale, ndayamba ntchito ya ulonda wa usiku ku Midrand, ndimakhala pageti kuyambira 6 madzulo mpaka 6 m'mawa. Kusitolo andionetsa majekete awiri ofufuma, ina ya nthenga za bakha, ina ya poliyesita. Ya nthenga ndi yodula kwambiri koma yopepuka. Ndigule iti? Ndimachita lendi kachipinda ka kuseri, ndimachapa pamanja."

Achimwene, mawu anu omaliza aja, akuti mumachapa pamanja, ndi amene ayankha funsoli. Gulani ya poliyesita yokhuthala. Koma ndifotokoze chifukwa chake, poti ena m'gulu muno yankho lawo likhala losiyana ndi lanu.

Jekete payokha ilibe moto. Chimene imachita ndi kusunga mpweya umene thupi lanu latenthetsa kuti usathawe, ndiye ikafufuma kwambiri imasunganso mpweya wambiri. Nthenga zimene amaikamo, zimene ogulitsa amati dauni, si zija zolimba za kumapiko ayi. Ndi timaubweya tofewa ta pansi pa nthenga za bakha kapena tsekwe, makamaka pachifuwa, topanda kamtengo pakati. Mukayeza pasikelo, palibe ulusi wa kufakitale umene umasunga mpweya wochuluka ngati timeneti. N'chifukwa chake okwera mapiri a Drakensberg amazikonda: zimapepuka, ndipo jekete yonse imalowa m'kathumba kakang'ono. Koma inu simukusenza jekete kukwera nayo phiri. Mwakhala pampando pageti. Kulemera kwa theka la kilo kowonjezera sikukupwetekani, ndiye mukagula ya nthenga mukhala mukulipira ndalama zambiri pa ubwino umene simuugwiritsa ntchito.

Manambala a pa lebulo amasokoneza anthu ambiri. Mukaona 90/10, ndiye kuti magawo 90 pa 100 ndi timaubweya tofewa tija, 10 ndi tinthenga wamba. 80/20 ndi yotsikirapo. Nambala ina ija, 600 kapena 800, imanena za kufufuma: magalamu 28 a nthenga za 600 amadzaza malo okwana malita pafupifupi 10, pomwe za 800 zimadzaza malita 13. Wogulitsa amakuonetsani 800 ngati kuti ndiye yofunda basi. Funsani kuti aikamo magalamu angati. Jekete ya magalamu 90 a nthenga za 800, mukachulukitsa mupeza 72,000. Ya magalamu 150 a nthenga za 600 mupeza 90,000. Yachiwiriyi ndiye yofunda, ngakhale nambala yake ikuoneka yaing'ono. Timajekete tambiri ta nthenga topyapyala tija n'toyendera m'tauni masana, osati tokhalira chete panja 4 koloko m'bandakucha.

Tsono za kunyowa. Nthenga zikanyowa zimamatana n'kukhala mibulu, kufufuma konse kumatha, mumangotsala ndi nsalu ziwiri za nayiloni pathupi. Ulusi wa poliyesita sumwa madzi kwenikweni, umakhalabe wofufuma pang'ono ngakhale wanyowa, ndipo umauma msanga. Musamve zoti ukanyowa umafunda chimodzimodzi, kuzizira mumakumva ndithu, koma sukutayani mwamsanga ngati nthenga. Wina anena kuti, aaa, kuno ku Joni mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi, nthawi yozizira kumakhala gwa kouma. N'zoona. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, usiku wa Juni ndi Julayi umatsika kufupi ndi 0, udzu umayera ndi chisanu, koma mvula n'njosowa. Chipale chofewa chija chinagwa pa 10 Julayi 2023 tonse tinachijambula chifukwa chinali chachilendo. Amene ali ku Kepi, kumene mvula imagwa nthawi yozizira yomweyo, nkhani ya nthenga angoiwala. Kuno madzi amene adzakuonongereni jekete si a kumwamba, ndi a m'beseni lanu.

Ine zinandionekera. Ndinatola jekete ya nthenga pa kaunjika m'tauni, yabwino zedi, n'kuichapa m'beseni ndi sopo waufa ngati mmene timachapira duku kapena thalauza. Ndinaifinya mopotokola, n'kuiyanika pachingwe. Kunja inauma tsiku lomwelo, poti mphepo ya kuno imaumitsa msanga. Koma m'kati nthenga zonse zinatsikira m'munsi mwa mizere yosokedwa ija, mibulu ngati ya nsima yosavundula bwino. Patatha masiku atatu inayamba kununkha ngati khola la abakha. Nditaiyang'anitsa padzuwa, mapewa onse kuwala kumadutsa, mulibe kanthu.

Kuchapa kwake koyenera n'kotere. Pamafunika sopo wamadzi wopangidwira nthenga, chifukwa sopo waufa amachotsa mafuta achilengedwe a nthengazo n'kusiya zotsalira zimene zimazimata. Mankhwala ofewetsa zovala aja musaike n'komwe. Muchape ndi madzi ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 30, mutsukuluze kawiri kapena katatu, ndipo musapotokole. Kenako makina oumitsira zovala, pa moto wochepa, muponyemo mipira iwiri kapena itatu ya tenisi yoti izimenya mibulu ija. Zimatenga maola awiri, nthawi zina atatu, mukutulutsa n'kumaphwanya mibulu ndi zala. Mukagwira penapake n'kumva kabulu kozizira, sinaume, ibwezereni. Kulondile makina amenewo mumalipira. Ya poliyesita mumangoichapa m'beseni Lamlungu m'mawa, kuikanikiza kuti madzi atuluke, kuiyanika, madzulo mwavala. Ndipo pageti jekete imada msanga: fumbi la Ogasiti, utsi, mafuta a m'khosi.

Pali china chimene ogulitsa sanena. Ngati kampani yanu imakukakamizani kuvala jekete ya yunifolomu kapena vesiti yolemera pamwamba, nthenga zimapanikizika, mpweya uja n'kutuluka. Poliyesita imapirira bwinopo kupanikizidwa. Mugule yoti mukavala juzi m'kati isakuthineni, makamaka m'khwapa ndi pamsana pamene mumatsamira mpando.

Nanga mbaula. Nsalu ya kunja ya majekete onsewa ndi nayiloni kapena poliyesita, kanthethe kamodzi ka moto kamaboola pomwepo. Ya nthenga ikabooka, nthenga zimatuluka usiku wonse ngati mwapha nkhuku, mpaka mutamata ndi tepi. Ya ulusi ikabooka, bowo limangokhala bowo, chifukwa ulusiwo anauika ngati chinsalu chogwirana. (Ndipo chonde mbaula isalowe m'kanyumba ka alonda mutatseka chitseko, utsi wa makala umapha munthu ali m'tulo.)

Pamene nthenga zimapambana ndi pa kukhalitsa. Mukazisamala zimatha zaka khumi n'kupitirira zikufufumabe, pomwe ulusi umaphwatalala pang'onopang'ono, ndipo wovala tsiku lililonse amayamba kumva kusiyana pakatha nyengo zozizira ziwiri kapena zitatu. Ndiye mlongo wathu wogwira ntchito m'nyumba ku Sandton, amene makina oumitsira ali nawo pafupi ndipo amangofuna chofunda chodikirira takisi m'mawa, iye ya nthenga ingamuyenere, mtengo wake udzabwerera m'zaka. Zonse ziwiri, nyengo yozizira ikatha, muzipachika pa hang'ala. Musazikanikize m'chikwama cha tcheki chija pansi pa bedi mpaka Meyi.

Mukakafika kusitolo kapena pa kaunjika, ikanikizeni ndi dzanja n'kuisiya. Ikadzuka msanga n'njamoyo, ikangokhala phwatalala isiyeni. Sankhani yaitali yofika m'matako, yokhala ndi chipewa chake ndi kansalu kotchinga zipi, chifukwa mphepo ya pageti imalowera pazipi ndi m'chiuno. Ndalama yotsala mugulire zovala zothina za m'kati, masokosi a ubweya ndi magolovesi.