Kalata yofunsa ndalama za ovataimu kwa abwana

"Abale ndithandizeni. Ndimagwira mu shopu ya hadiweya, pa kontirakiti analemba 8 mpaka 5, Lolemba mpaka Loweruka, koma kuyambira Malichi tikumaweruka 7 koloko, Lamulungu lina amatiitana kukawerenga katundu, ovataimu osapereka. Salale yanga ndi K208,000. Kalata yake ndilembe bwanji osachotsedwa ntchito?"

Achemwali pepani, ndalama imeneyo ndi yanu ndithu, simukupempha chifundo ayi. Koma musanagwire cholembera khalani pansi kaye ndi kope muwerenge maola, chifukwa kalata yongoti "mukutigwiritsa ntchito mopyola muyeso" abwana amangoyiika mu dilowa, pomwe kalata yoti tsiku lakuti ndinaweruka nthawi yakuti, ndalama zake ndi izi, imeneyo amasowa pothawira.

Lamulo lomwe mukuimapo ndi la zolembana ntchito la chaka cha 2000, lija amati Emploimenti Akiti. Gawo 36 limati maola a masiku onse asapyole 48 pa sabata, ndiye inu 8 mpaka 5 kuchotsapo ola la nkhomaliro ndi maola 8 pa tsiku, masiku 6, akukwana 48 ndendende. Ola lililonse loonjezera pamenepo ndi ovataimu basi. Gawo 39 ndi lomwe likunena za mtengo wake ndipo ovataimu analigawa patatu. Mukapitiriza ntchito pa tsiku logwira kale, ola lililonse alipire kamodzi ndi theka. Mukagwira pa tsiku lanu lopuma, kwa inu Lamulungu, alipire kawiri. Pa holide ya boma kawirinso. Kontirakiti itha kukupatsani zoposa pamenepo koma singatsike pansi pa lamulo, ngakhale munasaina nokha.

Masamu ake ali chonchi. Njira yomwe ambiri amagwiritsa ntchito kwa munthu wa masiku 6 ndi kugawa salale ndi masiku 26 kenako ndi maola 8. K208,000 kugawa 26 ndi K8,000 pa tsiku, kugawanso 8 ndi K1,000 pa ola. Ndiye ola la madzulo lija ndi K1,500, la Lamulungu kapena la holide ndi K2,000. Tiyerekeze kuti mu Malichi, Epulo ndi Meyi masiku omwe munawerukadi 7 koloko alipo 60, ndi maola 120, ndalama yake K180,000. Malamulungu anayi a maola 5 lililonse ndi maola 20, K40,000. Ngati anakutsegulitsani shopu pa 1 Meyi ndi pa 14 Meyi tsiku lonse ndi maola 16, K32,000. Zonse pamodzi K252,000, kuposa salale ya mwezi wathunthu. Manambalawa ine ndangoyerekeza, inu muikepo anu enieni.

Apa nditsindike, musaonjezere ngakhale ola limodzi. Tsiku lomwe munadwala, lomwe munali kumaliro, lomwe magetsi anazima mkutseka 5 koloko, lichotseni. Abwana akangopeza tsiku limodzi labodza amagwira pomwepo mkumati pepala lonse ndi lopeka, ndipo nkhani imachoka pa ngongole yawo kubwera pa kukhulupirika kwanu.

Umboni usonkhanitseni kalata isanapite, chifukwa ikangofika buku losainira lija limatha kusowa. Jambulani masamba ake pomwe pali dzina lanu, sungani mameseji a pa WhatsApp omwe supavaiza amati "mawa Sande tonse 8 koloko", ma peyisilipu a miyezi itatuyo oonetsa kuti ovataimu palibe, ngakhale malisiti omwe munadula nthawi ya 6 koloko kupita mtsogolo ngati makina amalemba nthawi ndi dzina. Muwerengenso kontirakiti bwinobwino, ena amalembamo kuti ovataimu ikhale yovomerezedwa ndi manejala kaye, ndipo apa mpomwe mabwana ambiri amabisala, amati tinakutumani ndani, munkatsala mwakufuna kwanu. Ndiye mu kalata mutchule amene ankakuuzani kuti mutsale komanso amene amatseka shopu. Ngati makiyi amasunga manejala yemweyo sanganene kuti samadziwa.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi, mu Chichewa kapena Chingerezi zilibe kanthu bola manambala amveke. Pamwamba dzina lanu, ntchito yanu, deti, ndi amene mukuwalembera. Kenako motere:

"Okondedwa Bwana,

PEMPHO LOTI NDILIPIDWE NDALAMA ZA OVATAIMU ZA MALICHI MPAKA MEYI

Malinga ndi kontirakiti yanga, ndimayenera kugwira ntchito kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, pa malipiro a K208,000 pa mwezi, omwe ndi K1,000 pa ola.

Kuyambira mwezi wa Malichi, mouzidwa ndi a manejala, ndagwira maola oonjezera 120 m'masiku a ntchito, maola 20 pa masiku anga opuma ndi maola 16 pa maholide a boma. Ndaphatikiza ndandanda wa masiku ndi maolawa. Ma peyisilipu anga a miyezi imeneyi sakuonetsa malipiro a maola amenewa.

Gawo 39 la lamulo la zolembana ntchito likuti maola oonjezera alipidwe kamodzi ndi theka, ndipo a tsiku lopuma ndi a holide alipidwe kawiri. Potero ndalama yomwe ndikuyenera kulandira ndi K252,000.

Ndikupempha kuti ndalamayi iperekedwe pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mwalandira kalatayi. Ngati pali pomwe mawerengedwe anga akusiyana ndi mabuku anu, ndine wokonzeka kukhala nanu pansi tiunikire limodzi. Nkhaniyi ikapanda kutheka pakati pathu ndidzapempha a ofesi ya leba kuti atithandize.

Ine wanu,"

musaine, basi. Mwaona kuti mulibe mawu oti ndinu akuba, mulibe za renti kapena fizi ya ana, mulibenso madandaulo ena a yunifolomu kaya tchuthi. Zimenezo ndi zoona koma zikalowa muno abwana ayankha zimenezo mkusiya maola. Masiku 14 aja si a m'lamulo, ndi nthawi yomwe inu mwawapatsa kuti mawa asadzati simunawapatse mpata.

Mupange makope awiri, imodzi apatseni, inayo asaine kapena adinde sitampa ndi deti kuti alandira, mupite nayo kunyumba osati kuisiya mu shopu. Akakana kusaina aperekeni pali mnzanu woona, kenako muijambule muwatumizirenso pa foni kuti deti ioneke.

Za kuchotsedwa ntchito, sindikunamizani kuti abwana asangalala. Koma gawo 57 la lamulo lomweli limafuna chifukwa chomveka munthu asanachotsedwe komanso kuti amumve mbali yake, ndipo kukadandaula kuti lamulo laphwanyidwa si chifukwa chochotsera munthu. Chomwe muyenera kusamala ndi kusawapatsa chifukwa china. Musajombe, musachedwe, ndipo chonde musadzilipire nokha potenga ndalama mu tilu kapena katundu, imeneyo imasanduka nkhani ya polisi ndipo ovataimu yanu iiwalika. Akakupatsani ndalama yochepa ndi pepala loti musaine, liwerengeni kaye, ngati lalemba kuti nkhani yatha simudzafunanso kanthu musasaine, lembani kuti mwalandira K yakuti ngati gawo chabe la K252,000.

Masiku 14 akatha kuli zii, tengani kalata ija, kontirakiti, ma peyisilipu ndi ndandanda wa maola mupite ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Kumeneko amaitana mbali zonse ziwiri kuti mukambirane, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti loona za ntchito lomwe lili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ngati anzanu a mu shopumo nawonso sanalipidwe, aliyense alembe yake ndi maola ake, koma mukapereke tsiku limodzi.