Yankho la amalume pa nkhani ya Mateyu 7

Funso: "Amalume, mneneri uja wawauza amayi kuti asiye mankhwala a kuthamanga kwa magazi, azingomwa madzi odzozedwa. Nditatsutsa, azakhali andiwerengera Mateyu 7:1, ati musaweruze. Nanga si Baibulo lomwelo likuti tiziyesa mizimu? Ndingokhala chete?"

Yankho, monga analankhulira pa gulu la achibale la pa foni:

Eya, ndakumva mwanawe. Kulemba sindingathe, magalasi ndawaiwala ku tchalitchi, ndiye ungomvera mawuwa. Tsegula Baibulo lako pa Mateyu 7 pomwepo, koma usaime pa vesi 1 pamene aimira azakhali ako. Tsika nawo mutuwo.

Vesi 2 ikuti muyeso umene uyesera anzako ndi womwewo udzakuyesere iwe. Ndiye pa vesi 3 mpaka 5 pali nkhani ija ya kachitsotso m'diso la mbale wako pamene m'diso lako muli chimtengo. Anthu ambiri amaseka chimtengocho n'kutseka buku. Koma tamvera mmene Yesu akumalizira. Akuti yamba wachotsa chimtengo chako, ukatero udzaona bwino kuti uchotse kachitsotso m'diso la mbale wakoyo. Waona? Kachitsotsoko kakuchotsedwabe. Sanati kasiye momwemo, diso lizituluka misozi mpaka litupe, ayi.

Iwe unachotsapo munthu kachitsotso? Amayi akowa ndinkawachotsa tili ana, nthawi yopuntha chimanga. Umayandikira, n'kutsegula chikope pang'onopang'ono ndi zala zosamba, n'kuuzira. Sungachite uli patali, sungachitenso ndi ukali. Agalatiya 6:1 akunena zomwezo, kuti wogwidwa m'cholakwa mum'bweze ndi mtima wofatsa, uku mukudziyang'anira nokha.

Tsono tsikabe. Pa vesi 15 ndi 16, mutu womwewo, munthu yemweyo akulankhula, akuti chenjerani ndi aneneri onyenga amene amabwera atavala ngati nkhosa, mudzawazindikira ndi zipatso zawo. Nanga chipatso ungachizindikire bwanji osachiyang'ana n'kunena kuti ichi n'chowola? Pa Yohane 7:24 achita kunena poyera kuti musaweruze potengera maonekedwe, koma weruzani molungama. Vesi yako yoyesa mizimu ija ndi 1 Yohane 4:1, uilembe.

Malire ake ine ndimawaona chonchi. Pali zimene maso ako akuona ndi zimene makutu ako amva, ndiye pali za mumtima mwa munthu. Pa 1 Akorinto 4:5 Paulo akuti zobisika ndi zolinga za mtima adzaziulula ndi Ambuye akadzabwera. Ndiye ukati, "Mawu akuti amayi asiye mankhwala ndi olakwika, angawaphe," wayesa chipatso, ndipo uli pa mzere. Ukati, "Bambo uja ndi wa Satana, akapsa kumoto," wakhala pa mpando umene si wako. Ine munthuyo sindinamuonepo. Kaya akunamiza anthu dala, kaya iyenso ananamizidwa, izo adziwa ndi Mulungu. Koma malangizo akewo ndi oipa, ndipo ndikunena mosaphethira. Matenda a kuthamanga kwa magaziwa nthawi zambiri samveka m'thupi. Munthu amati ndachira, koma magazi akukwera mwakachetechete, mawa lake wafa ziwalo mbali imodzi.

Koma nawenso ndikufunse, usakwiye. Chimtengo chako chili pati? Mwezi watha mankhwala atawathera, anakawatengera ndani ku chipatala? Pamene ankadandaula kuti mapiritsi awatopetsa, unakhala nawo pansi kapena unangowakalipira pa foni? Ineyonso ndili momwemo, chichokere Khirisimasi sindinapondeko kwa mlongo wangayo. Mneneriyo walowa pa khomo limene ife tinasiya pululu. Paja Davide, pa 2 Samueli 12, anapsa mtima ndi munthu wolanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, n'kugamula kuti abweze kanayi, Natani n'kumuuza kuti munthuyo ndinu. Chigamulo cha Davide sichinali cholakwika, kungoti anaiwala kudziikamo yekha.

Ndiye uchite izi. Nkhaniyi ichoke pa gulu pano, Mateyu 18:15 akuti uyambe ndi awiriwiri. Mawa upite kwa amayi ako wekha, usatchule dzina la mneneriyo n'komwe. Uwauze kuti kupemphera asasiye, koma mapiritsi amwe, ndipo uwaperekeze akayezetse magazi, aone okha manambalawo. Akakana, vesi 16 ikuti utenge wina mmodzi kapena awiri, ndiye undiimbire, Loweruka ndikwera minibasi. Azakhali akowo usawayankhe pano, ndiwaimbira ndekha madzulo ano akaweruka kumunda.