Mfotokozi wa Chifalansa akhale mbali iti ya dzina?

"Abale odziwa Chifalansa, thandizeni. Ndinalemba mon professeur ancien pofuna kunena aphunzitsi amene ankandiphunzitsa kale, koma andithetha. Mfotokozi amayenera kukhala pati kwenikweni? Nanga ancien, propre ndi cher, akuti amasintha tanthauzo, zimatheka bwanji?"

Achimwene, amene anakuthethaniyo sanakulakwireni, koma musadandaule, poti chimene chinakusokonezani ndi chizolowezi chabwino ndithu. M'Chichewa mfotokozi amatsatira dzina: nyumba yaikulu, galimoto yofiira. Chifalansa nachonso chimatero nthawi zambiri. Amati une voiture rouge, une table ronde, un étudiant malawien, une porte fermée. Mtundu wa chinthu, maonekedwe ake, dziko lochokera, chipembedzo, zonsezi zimabwera kumanja kwa dzina, ndipo mukakayika za mfotokozi amene simukumudziwa bwino, muikeni kumanjako, kawirikawiri mukhoza. Pali kagulu kochepa ka afotokozi afupiafupi amene amakonda kutsogola, kukhala kumanzere kwa dzina: bon, mauvais, beau, joli, petit, grand, gros, jeune, vieux, nouveau. Amenewa ngongoloweza pamtima, un petit village, une belle maison, basi.

Atatu mwatchulawo ndi a khalidwe lina. Amakhala mbali zonse ziwiri, ndipo mbali iliyonse ili ndi tanthauzo lake. Momwe ine ndimaonera, akakhala kumanja amafotokoza chinthucho m'mene chilili pachokha, zoti wina aliyense angathe kuziona kapena kuziyeza: zaka zake, ukhondo wake, mtengo wake. Akakhala kumanzere sanena za thupi la chinthucho, amanena ubale wake ndi munthu kapena ndi nthawi.

Tiyambe ndi ancien, poti ndi amene wakupwetekani. Vuto ndi lakuti ife tili ndi mawu amodzi, akuti -kale, pa zinthu ziwiri. Tikati nyumba yanga yakale, mwina tikunena nyumba imene ndinasamukamo, mwinanso nyumba imene ndikukhalamobe koma inamangidwa makedzana. Omvera amazindikira okha malinga ndi nkhani. Mfalansa amasiyanitsa ndi malo a mawu. Mon ancienne maison ndi nyumba imene inali yanga koma pano sindikhalamo, ngakhale itakhala kuti inamangidwa chaka chatha chomwechi. Une maison ancienne ndi nyumba ya zaka zambirimbiri, ndipo mwini wake angakhale akugonamo lero lino. (Onaninso kuti ndalemba mon, osati ma, ngakhale maison ndi dzina lachikazi. Ancienne akuyamba ndi a, ndiye ma amasanduka mon kuti pakamwa pasagundane. Ambiri amagwa pamenepa.)

Choncho ancien wa kumanzere akutanthauza kuti chinali chotero, pano chinaleka. François Hollande analamulira dziko la France kuyambira 2012 mpaka 2017, ndipo nyuzipepala zimamutchula kuti l'ancien président François Hollande. Palibe chokhudza ukalamba wake pamenepo. Ku Paris kuli nyumba yosungiramo zojambulajambula yotchedwa Musée d'Orsay. Inamangidwa ngati siteshoni ya sitima yapamtunda, inatsegulidwa mu 1900, kenako mu 1986 inasanduka malo oonetserako zaluso. Afalansa amati ili mu une ancienne gare, kutanthauza kuti nyumbayo inali siteshoni kale koma inaleka. Mukati une gare ancienne, womvera aganiza za siteshoni yokalamba imene mwina ikugwirabe ntchito yake. Kusinthanitsa mawu awiri okhawo, munthu atha kunyamula chikwama n'kukadikira sitima pamalo pomwe palibe.

Ndiye chiganizo chanu chikhale mon ancien professeur. Chimene munalembacho chimamveka ngati aphunzitsiwo ndi chinthu chamakedzana, chonga mipando ija amagulitsa kwa osonkhanitsa zakale. Mukafuna kunena kuti munthu ndi wachikulire, ancien si mawu ake. Nenani un professeur âgé.

Pali njira yodziyesera imene imandithandiza kwambiri. Chotsani mfotokoziyo pafupi ndi dzina, mumuike pambuyo pa est, muone tanthauzo limene latsala. Cette maison est ancienne ikhoza kutanthauza chinthu chimodzi chokha, kuti nyumbayo ndi yamgonagona. Tanthauzo lija loti ndinasamukamo lasowa. Ndiye dzifunseni: kodi zimene ndikufuna kunenazi zinganenedwe ndi est? Ngati inde, mfotokozi apite kumanja. Ngati ayi, kumanzere. Aphunzitsi anu aja simunganene kuti il est ancien pofuna kuti anasiya kukuphunzitsani, ndiye malo a ancien ndi kumanzere.

Njira yomweyi imagwira pa propre. Ma chambre est propre, chipinda changa n'chaukhondo, n'chifukwa chake une chambre propre ndi chipinda chosesedwa bwino. Koma ma propre chambre ndi chipinda changachanga, chosagawana ndi wina, kaya muli fumbi lofika m'maondo. Propre wa umwiniyu kawirikawiri amayenda ndi mon, ton, son, notre, leur, ndipo ndicho chizindikiro chake: je l'ai vu de mes propres yeux, ndinaziona ndi maso angawa, elle a sa propre voiture, ali ndi galimoto yakeyake. Mukhoza kuwaphatikiza onse m'chiganizo chimodzi, ma propre chemise n'est pas propre, ndipo palibe angadabwe.

Apa pali misampha ingapo yoti muidziwe, poti ndi mawu akalekale amene anangouma momwemo. Pa kalata kapena katundu mukaona à remettre en main propre, sakukuuzani kuti wolandira ayambe wasamba m'manja. Akuti mupereke kwa mwini wake weniweni, osasiyira mlonda kapena mwana. Chimodzimodzi nom propre, limene ndi dzina lamwinimwini monga Zomba kapena Lyon, ndi au sens propre, kutanthauza tanthauzo lenileni la mawu osati lokuluwika. Amenewa musawayese ndi lamulo lija, angokusokonezani.

Cher ndi wosavuta, koma ndi amene lamulo lake lili lofooka kuposa enawo. Kumanzere ndi wokondedwa, monga timayambira kalata: Cher ami, Chère collègue, mes chers parents. Kumanja ndi wodula: un restaurant cher, une robe chère, la vie chère. Mabuku ena amathera pomwepa, n'kuphunzitsa ana kuti un ami cher ndi mnzako wokudyera ndalama. Nthabwala yake ndi yokoma, koma si zoona kwenikweni. Dzina likakhala la munthu, cher wa kumanja amatanthauzabe chikondi: un ami très cher ndi bwenzi la pamtima, ndipo perdre un être cher ndi kutaya wokondedwa pa maliro. Munthu sagulidwa pa sitolo, ndiye womvera saganiza n'komwe za mtengo. Kusiyana kwenikweni kumaoneka pa katundu. Ma chère voiture ndi galimoto imene ndimaikonda, mwina chiphapha chosagulitsika n'komwe, pomwe une voiture chère ndi ya ndalama zambiri.

Kanthu kena pa cher, poti mudzakumana nako polemba. Akatsatira être amagwirizana ndi dzina: ces chaussures sont chères. Akatsatira coûter kapena payer sasintha, chifukwa pamenepo akugwira ntchito ya muonjezi: ces chaussures coûtent cher, popanda e kapena s kumapeto. Polankhula simungamve kusiyana kulikonse, onse amatchulidwa mofanana, ndiye cholakwikachi chimangogwidwa papepala, ndipo ochonga mayeso amachidziwa bwino.